Mkazi wa Macbeth: tisamumange, tisamumasule tisanawerenge

Pa zimangirizo za Macbeth, sewero lomwe William Shakespeare adalemba cha m'ma 1606, timakumana ndi mayankho awiri. Ena amati mkazi ndiye adasocheretsa mwamuna wabwino. Ena, atangomva za feminizimu, amati mayiyu adaponderezedwa basi, alibe mlandu. Onsewa amakhala atagamula asanatsegule buku.

Feminizimu powerenga ndi funso: m'seweroli mphamvu ili ndi yani, ndipo mkazi amaifikira podzera pati? Njira yathu ndi iyi: lembani ganizo lanu, kenako fufuzani malo amene akulitsutsa kwambiri.

Tiyese ganizo loyamba. M'gawo 1, kachigawo 3, Macbeth akuganiza kale zakupha atangomva mawu a mfiti zija, mkazi wake asanadziwe kanthu. M'gawo 3, kachigawo 2, akumubisira chiwembu chophera Banquo. Ndiye kuti mtima woipa sadachite kubwereka kwa mkazi.

Lachiwirinso likugwa. Mayiyu ndiye akukonza zoledzeretsa alonda a mfumu Duncan, ndipo mwamuna atachita mantha, akubweza yekha mipeni kuti mlandu ugwere alondawo. Palibe akumukakamiza. Mukasiya malo amenewa chifukwa akusokoneza mfundo yanu, dziwani kuti mwayamba kukakamiza buku.

Chotsala n'chiyani? M'gawo 1, kachigawo 5, mayiyu akupempha mizimu kuti imuchotse ukazi. Sakunena kuti mkazi naye angalamulire. Wavomera kuti mphamvu ndi nkhanza n'zachimuna. N'chifukwa chake m'kachigawo 7 chida chake ndi kunyoza umuna wa Macbeth. Chidacho chikugwira ntchito, koma ufumu utapezeka iye sakufunikanso. Phwando la m'gawo 3 litatha, tikumuonanso m'gawo 5 akuyenda ali m'tulo, akupukuta m'manja, ndipo imfa yake tikungoimva. Ngakhale dzina lake sitiuzidwa, pamene mbiri ya Scotland imati mkazi wa Macbeth weniweni anali Gruoch.

Muikeni pafupi ndi mkazi wa Macduff m'gawo 4, kachigawo 2. Uyu sadalakwe, adakhala pakhomo ndi ana, mwamuna n'kuthawira ku England, iye n'kuphedwa. Wolimbirana ufumu wafa, wosalimbirana wafanso. Chiganizo chomwe buku lingachitire umboni ndi ichi: mkazi wa Macbeth ali ndi mlandu, koma njira yokhayo yofikira mphamvu yomwe adaiona inali yodzera mwa mwamuna.

Chenjezo lina ndi la kwathu kuno ku Likangala, kumene m'mabanja ambiri munda umatsata mayi ndipo ufumu umapita kwa mwana wa mlongo. M'seweroli Duncan akusankha mwana wake Malcolm, ndipo Macbeth akudya mutu chifukwa ufumu udzapita kwa zidzukulu za Banquo. Musalowetsemo chikamwini, mukachitchula, chikhale chofanizira kuti kusiyanako kuoneke.