Masiku khumi ndi awiri a udzudzu: mmene neti ndi kupopera m'nyumba zimadulira malungo

Phunziro la sabata ino tiliwerenge pang'onopang'ono, chifukwa muli kawerengero kena kamene tikakamvetsa tidzaona neti ndi maso ena. Ambiri a ife kuno ku Thambani timati ntchito ya neti ndi kutchinga udzudzu kuti usatilume. N'zoona, koma ntchito yake yaikulu ndi kufupikitsa moyo wa udzudzu. Kuti tione chifukwa chake, tiyenera kutsatira maulendo awiri, wa udzudzu ndi wa kachirombo ka malungo kamene kamakwera pa udzudzuwo.

Tiyambe ndi udzudzu. Umene umafalitsa malungo ndi wa mtundu wa Anofelesi, ndipo ndi waukazi wokha umene umaluma, chifukwa umafuna magazi kuti mazira ake akhwime. Umaikira mazira pamadzi, ndipo patatha masiku awiri kapena atatu amaswa timphutsi. Timphutsiti timadya ndi kufundula kanayi, kenako timapindika n'kusiya kudya kwa masiku awiri kapena atatu, ndipo pomaliza udzudzu wamapiko umatuluka. Nyengo ikakhala yofunda, ulendo wonsewu umatenga masiku 10 mpaka 14. Aliyense angathe kudzionera yekha: mukaŵerama pa chithaphwi, mphutsi za Anofelesi zimagona chopingasa pansi penipeni pa nkhope ya madzi, pamene za udzudzu wamba zimalendewera mutu uli pansi. Mtundu wina, Anofelesi gambiye, umakonda timadzi toŵala dzuŵa ngati ta m'mapazi a ng'ombe ndi m'maenje oumbira njerwa. Wina, Anofelesi funestasi, umakonda madzi okhalitsa okhala ndi udzu m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje, n'chifukwa chake malungo satheratu ngakhale mvula italeka.

Tidziŵiretu pano kuti neti ndi mankhwala opopera pakhoma sizikhudza dzira, mphutsi, ngakhale kopindika kaja. Magawo atatu onsewo ali m'madzi. Zida ziŵirizi zimadikirira gawo lachinayi lokha, udzudzu waukazi wamapiko ukaloŵa m'nyumba usiku.

Tsopano ulendo wa kachirombo. Udzudzu subadwa ndi malungo. Umawatenga ukaluma munthu amene ali ndi tizirombo m'magazi, kaya akudwala kaya akuyenda bwinobwino osamva kanthu. Zimenezi anazitsimikiza Ronald Ross ku India mu 1897, pamene anapeza tiziromboti m'mimba mwa udzudzu. Koma udzudzu umene waluma wodwala lero sungapatsire munthu wina maŵa. Tizirombo tiyenera tikwatirane kaye m'mimba mwake, tikhazikike pakhoma la mimbayo, tichulukane, kenako tisamukire kumene kumapangidwa malovu. Zimenezi zimatenga masiku pafupifupi 10 mpaka 14 kukamatentha, ndipo kumalo ozizira a m'mapiri zimatenga nthaŵi yaitali koposa apa. Zikatero m'pamene udzudzuwo umakhala woopsa: ukaluma, tizirombo timapita ku chiŵindi cha munthu, timachulukana kumeneko pafupifupi sabata imodzi, kenako timaloŵa m'magazi ndipo thupi limayamba kutentha.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Udzudzu sukhala moyo nthaŵi yaitali. Wambiri umafa usanakwanitse sabata ziŵiri, wina kudyedwa ndi akangaude ndi abuluzi, wina kuuma ndi kutentha, wina kuphedwa ndi dzanja. Choncho umene umafalitsa malungo ndi wochepa chabe, nkhalamba zimene zapulumuka masiku onse aja. Ndipo pa masiku odikirirawo sukhala phee. Masiku aŵiri kapena atatu alionse umabwereza zomwezo: kuluma, kupumula kuti magazi agayike, kukaikira mazira, kubweranso kudzaluma. Pa masiku 12 ndiye kuti wabwera m'nyumba maulendo anayi kapena asanu. Ulendo uliwonse ndi mwayi wathu wouphera.

Tiyeni tiŵerengere limodzi. Manambala aŵa ndi ongoyerekezera kuti tione mmene zimayendera, sikuti tinachita kuŵerenga udzudzu wa m'mudzi muno. Tinene kuti udzudzu 100 waluma anthu odwala usiku umodzi, ndipo tsiku lililonse umafa umodzi pa khumi ulionse. Maŵa watsala 90, mkuja 81, tsiku lachitatu 73. Tikapitiriza chomwecho, pofika tsiku la 12 watsala 28, ndipo umenewu ndiwo ungapatsire anthu malungo. Tsopano tinene kuti m'mudzimo mwafika maneti a mankhwala, ndipo tsiku lililonse ukufa uŵiri pa khumi ulionse. Maŵa 80, mkuja 64, tsiku lachitatu 51, ndipo pofika tsiku la 12 watsala 7 wokha. Ukamafa utatu pa khumi, pa tsiku la 12 pamatsala umodzi. Amene ali ndi foni yoŵerengera ayese yekha, kuchulukitsa ndi 0.9 kakhumi n'kaŵiri, kenako ndi 0.8. Taonani kuti sitinaphe udzudzu wonse. Tangowonjezera pang'ono imfa za tsiku ndi tsiku, koma nkhalamba zoopsa zatsika kuchoka pa 28 kufika pa 7. Katswiri wina wa ku Britain, George Macdonald, ndiye anaonetsa masamu ameneŵa m'zaka za m'ma 1950, ndipo ndi amene anakhala maziko a ntchito yopopera nyumba padziko lonse.

Neti imagwira udzudzu usanalume. Munthu wogona mkati ndiye nyambo: mpweya wake ndi fungo la thupi zimaukoka, umatera pa neti n'kumayendayenda kufuna poloŵera, ndipo mankhwala amaloŵa kudzera m'miyendo yake. Motero neti imadula ulendo mbali zonse ziŵiri. Udzudzu wokhala ndi tizirombo sufika kwa munthu wabwino, ndipo udzudzu wopanda tizirombo sufika kwa wodwala kuti utenge. Mbali yachiŵiriyi timaiiŵala kaŵirikaŵiri. Mwana akadwala malungo ndiye nthaŵi yofunika koposa kuti agone mu neti, chifukwa cha abale ake ndi ana a nyumba yoyandikana. Neti yopindidwa m'chikwama, kapena yotchingira mbande ku dimba, siipha udzudzu ndi umodzi womwe, ndipo masamu athu aja amagwira ntchito pokhapokha nyumba zambiri za m'mudzi zikamagona m'maneti.

Kupopera kumagwira udzudzu utaluma kale. Ukakhuta magazi umalemera, suuluka patali, umatera pakhoma, kudenga kapena kuseri kwa katundu n'kumapumula. Ngati khomalo linapoperedwa, umafera pomwepo kapena patapita maola. Ena amadandaula kuti anapopera koma akulumidwabe, ndipo sakunama. Mankhwala apakhoma sateteza kwenikweni munthu amene walumidwa usikuwo, amateteza amene akanadzalumidwa ndi udzudzu womwewo patatha masiku khumi ndi aŵiri. N'chifukwa chake opopera amalimbikira kuti afikire nyumba zosachepera 85 pa 100 zilizonse m'dera, ndipo amapopera mvula isanayambe kapena ikangoyamba. Kuno kwathu ntchitoyi inayambika ku Nkhotakota mu 2007, ndipo mu 2010 inafalikira ku maboma asanu ndi aŵiri a m'mbali mwa nyanja ndi ku chigwa cha Shire, kuphatikizapo Chikwawa, anansi athu. Mwanza sinali m'gulu limenelo. Kupopera n'kodula, ndipo boma linkasankha maboma ochepa. Kwa ife chida cha tsiku ndi tsiku ndi neti, imene imagaŵidwa ku sikelo ya amayi oyembekezera ndi pa makampeni a dziko lonse monga a 2012, 2016, 2018 ndi 2021, neti imodzi pa anthu aŵiri.

Nanga chimalakwika n'chiyani? Choyamba ndi udzudzu kuzoloŵera mankhwala. Kwa zaka zambiri maneti onse ankanyikidwa m'mankhwala a gulu limodzi lotchedwa payirethiroyidi, ndipo oyamba kupoperedwa ku Nkhotakota anali a gulu lomwelo. Mu 2010 akatswiri analengeza kuti Anofelesi funestasi wa pachilumba cha Likoma sakufanso bwino ndi mankhwalaŵa, ndipo zomwezo zinapezekanso ku Chikwawa ndi madera ena. Sikuti udzudzu umaphunzira. Wochepa umene thupi lake limatha kusungunula poizoni ndiwo umapulumuka n'kuswana, mpaka mtundu wonse ukhale wotero. M'masamu athu, zili ngati kubwerera kuchoka pa 7 kupita cha ku 28. Ndiye chifukwa chake ku Nkhotakota anasintha n'kuyamba mankhwala a gulu lina otchedwa Akiteliki, ndipo maneti atsopano amaikamo mankhwala owonjezera otchedwa PBO, amene amafooketsa mphamvu yosungunula ija, kapena amaikamo mitundu iŵiri ya poizoni. Akatswiri amayeza kuzoloŵeraku poika udzudzu m'kabotolo kokhala ndi mankhwala kwa ola limodzi, n'kuŵerenga umene wafa tsiku lotsatira.

Chachiŵiri chili m'manja mwathu. Neti inapangidwa kuti ipirire kuchapidwa pafupifupi ka 20 pa zaka zitatu. Tikamaichapa sabata iliyonse, kuimenya pamwala ndi kuiyanika padzuŵa, mankhwala amatha msanga. Ichapidwe mofatsa ndi sopo wamba, iyanikidwe pamthunzi, ndipo bowo lisokedwe lisanakule. M'munsi mwake mupisidwe pansi pa mphasa kapena matiresi, ndipo mkono usatsamire pa neti, popeza udzudzu umaluma kudzera m'timabowo take. Kumene kwapoperedwa, kuzira khoma kapena kupaka laimu pambuyo pake kumakwirira mankhwala onse.

Chachitatu ndi malire a zida zimenezi. Zonse ziŵiri zimadikirira m'nyumba usiku. Mtundu wina, Anofelesi arabiyensisi, umaluma ng'ombe ndi anthu omwe, ndipo nthaŵi zambiri umaluma ndi kupumula panja. Amene akucheza pabwalo mpaka usiku, amene ali pa siŵa, amene akulondera kumunda kapena kulaŵirira m'bandakucha kupita ku msika, neti yake siikumuthandiza pa maola amenewo. Komanso tizirombo timene tili kale m'chiŵindi kapena m'magazi sitikhudzidwa ndi neti. Timeneto n'ta kuchipatala: kuyezetsa msanga thupi likatentha, ndi kumaliza mankhwala a LA masiku onse atatu. Za mphutsi za m'madzi, m'midzi yozungulira Majete ku Chikwawa munachitika kafukufuku woyesa kukwirira zithaphwi, kuthira mankhwala ophera mphutsi ndi kutseka mipata ya pakati pa khoma ndi denga, ndipo zonsezi ankazichita moonjezera pa maneti, osati m'malo mwake.

Tisanakumanenso, aŵiriaŵiri tichite izi. Tiŵerenge malo ogona m'nyumba mwathu ndi maneti amene akulendewera usiku uno, osati amene ali m'chikwama. Tifunse kuti neti iliyonse inabwera chaka chanji ndipo yachapidwa kangati. Kenako titenge mbale yoyera, titunge pamwamba pa madzi a chithaphwi chapafupi, tione ngati mphutsi zake zagona chopingasa kapena zalendewera, ndipo tilembe malo amene tazipeza.