Kuwerengera Kutentha Kothawira M'khoma la Balani ya Fodya

Ku Kasungu m'Malawi, ku Choma m'Zambia ndi m'zigawo za Mashonaland ku Zimbabwe, alimi a fodya wa Vejiniya amaumitsa fodya wao m'mabalani a njerwa okhala ndi ng'anjo ndi mipope ya moto. Pa masiku omaliza, pamene akuumitsa msempha wapakati pa tsamba, mpweya wa m'balani umafika madigiri 65 mpaka 70, pamene kunja usiku kumakhala madigiri ngati 20. Gawo lina la nkhuni zimene mlimi amaponya m'ng'anjo limangothera potenthetsa bwalo kudzera m'makoma. Phunziro lino likulongosola njira imene mlangizi angadziwire kukula kwa chitayiko chimenechi pa sikweya mita imodzi ya khoma, ndi kuona malo amene kukonza kungabweze nkhuni zambiri.

Zotchinga zitatu zondondozana

Kutentha kumayenda kuchokera kotentha kunka kozizira, ndipo paulendo wake wotuluka m'balani kumakumana ndi zotchinga zitatu. Choyamba ndi kampweya kodekha kamene kamamatirira khoma mkati. Mpweya wotentha woyendayenda m'balani uyenera kupatsira kutentha kwake ku njerwa kudzera m'kampweya kameneka. Chachiwiri ndi njerwa zenizenizo. Chachitatu ndi kampweya kenanso komatirira khoma kunja, kumene mphepo imanyamula kutenthako ndi kupita nako.

Zotchingazi ndi zondondozana ngati zipata zitatu panjira imodzi: chilichonse chodutsa chipata choyamba chidutsanso chachiwiri ndi chachitatu. Motero kutentha kodutsa pa zonse zitatu ndi kofanana, ndipo mphamvu zao zotchinga zimaphatikizidwa pamodzi. Maganizo amenewa adachokera ku lamulo la kuyenda kwa kutentha m'zinthu zolimba limene Joseph Fourier adalisindikiza mu 1822, ndipo ndi ofanana ndi lamulo la magetsi la Georg Ohm la mu 1827. Kusiyana kwa madigiri kumakankha kutentha monga momwe mavoti amakankhira magetsi m'waya.

Chotchinga chimalembedwa ndi chilembo R. Tanthauzo lake ndi ili: R ndi madigiri amene amatsika pachotchingacho pamene wati imodzi ikudutsa pa sikweya mita imodzi. Chotchinga cha njerwa chimapezeka pogawa kuchindikala kwa khoma, L, m'mamita, ndi nambala k yosonyeza kufewa kumene kutentha kumadutsira m'chinthucho. Chotchinga cha mpweya chimapezeka pogawa 1 ndi nambala h yosonyeza changu chimene mpweya ndi khoma zimapatsirana kutentha. Mphepo ikakula, h amakula ndipo chotchingacho chimachepa.

```
R1 = 1/h1     R2 = L/k     R3 = 1/h2
R = R1 + R2 + R3
q = (T1 - T2)/R
```

Apa T1 ndi madigiri a mpweya wa mkati, T2 ndi a mpweya wa kunja, ndipo q ndi mawati othawa pa sikweya mita imodzi.

Chitsanzo cha khoma la njerwa zootcha

Balani ya chitsanzo chino ili ndi khoma la njerwa zootcha lochindikala mamilimita 230, ndiye kuti mamita 0.23. Njerwa zootcha zouma zili ndi k wa pafupifupi 0.7. Mkati, mmene mpweya umayenda pang'onopang'ono, h ayerekezedwe kukhala 10. Kunja, kumene kukuomba kamphepo, akhale 20. Mkati muli madigiri 68 ndipo kunja kuli 20.

```
R1 = 1/10     = 0.10
R2 = 0.23/0.7 = 0.33
R3 = 1/20     = 0.05
R  = 0.48
q  = (68 - 20)/0.48 = 100
```

Sikweya mita iliyonse ya khomali ikutaya mawati 100. Yankho limeneli liyenera kuyesedwa poyenda m'zotchingazo chimodzichimodzi, pakuti madigiri otsika pa chotchinga chilichonse ndi q kuchulukitsa ndi R wake. Pa mpweya wa mkati patsika madigiri 10, choncho nkhope ya mkati ya khoma ili pa 58. M'njerwa mutsika madigiri 33, choncho nkhope ya kunja ili pa 25. Pa mpweya wa kunja patsika madigiri 5, ndipo kuwerengako kwafika pa 20, monga mmene kudayenera kufikira. Kukapanda kufika pa madigiri a kunja, ndiye kuti pena palakwika.

Mfundo yobisika ili apa ndi yakuti khoma limene kunja kwake kuli madigiri 25 silimveka lotentha m'dzanja. Mlimi akaligwira amakhutira kuti balani yake siikutaya kanthu, pamene mphepo ikuchotsa kutenthako msanga kusanaunjikane.

Kuti chiwerengerochi chimveke kwa mwini balani, chisandutsidwe nkhuni. Balani ya mamita 4 mbali zonse, yotalika mamita 5, ili ndi makoma a masikweya mita 80. Makomawo akutaya mawati 8,000, amene pa maola 24 ndi mamegajulu 691. Kilogalamu imodzi ya nkhuni zouma bwino imapereka mamegajulu ngati 15, motero chitayikochi ndi makilogalamu 46 patsiku. Koma si moto wonse umene umatsala m'balani, pakuti wina umatuluka ndi utsi pa chumuni. Ngati theka lokha ndilo likutsala, mlimi akutentha makilogalamu oposa 90 patsiku polipira makoma okha.

Cholakwa cha kuiwala mpweya

Ambiri ophunzira kumene amawerengera njerwa zokha, natenga madigiri a mpweya ngati kuti ndi a nkhope za khoma. Pa chitsanzo chino atapeza 48 kugawa ndi 0.33, yankho lao likhala mawati 145, limene lapitirira loona ndi pafupifupi theka. Cholakwachi chimaonekera poyera pa lata. Lata lochindikala mamilimita 0.3, la chitsulo cha k wa 50, lili ndi R wa 0.000006. Woiwala mpweya apeza mawati 8,000,000 pa sikweya mita, chinthu chosatheka. Zoona n'zakuti pa lata zotchinga zogwira ntchito ndi za mpweya zokha, 0.10 ndi 0.05, ndipo 48 kugawa ndi 0.15 ndi mawati 320.

Chiwerengero cha 320 chili ndi phunziro lake. Chitseko cha malata, kapena chigamba cha lata chotseka pamene khoma lidagumuka, chimataya kutentha koposa katatu poyerekeza ndi njerwa za kukula komweko. Kuphatikiza malata awiri omatana sikuthandiza, chifukwa chitsulocho sichinali chotchinga n'kale.

Cholakwa china ndi kusiya L m'mamilimita. Wogawa 230 ndi 0.7 apeza R wa 329 ndi chitayiko chosafika wati imodzi. Yankho la khoma la balani likatsika kapena kukwera modabwitsa chotere, mlangizi ayambe wayang'ana miyezo yake.

Pamene kukonza kumapindulitsa

Phindu lalikulu la mndandanda wa zotchinga ndi lakuti umayerekeza njira zokonzera mlimi asanagule kanthu. Njira iliyonse imangosintha nambala imodzi kapena kuwonjezera ina pamndandandawo.

Pulasitala wa simenti wa mamilimita 15 ali ndi k wofanana ndi wa njerwa, choncho amawonjezera 0.02 yekha. R akhala 0.50 ndipo q atsika kuchoka pa 100 kufika pa 96. Ntchito yeniyeni ya pulasitala ndi kutseka ming'alu ndi kuletsa mvula, osati kusunga kutentha. Mpanda wotchinga mphepo, ukatsitsa h wa kunja kufika pa 10, ukweza R kufika pa 0.53 ndipo q akhala 91. Khoma la mizere iwiri ya njerwa za mamilimita 115, yosiyana ndi mpata wa mpweya wotsekedwa bwino pamwamba ndi pansi, limapeza chotchinga chachinayi cha pafupifupi 0.18, R akhala 0.66 ndipo q atsika kufika pa 73, ngakhale njerwa ndi zomwezo. Udzu wouma womangidwa mothina, wochindikala mamilimita 50, ukatengedwa ndi k wa 0.1, uli ndi R wa 0.50, woposa wa khoma lonse lija. Ndi udzuwo R akhala 0.98 ndipo q akhala 49.

Chosunga kutentha m'mpata ndi m'udzu ndi mpweya wosayenda. Udzu ukanyowa kapena mpata ukatseguka kuti mphepo izidutsamo, phindu limatha. Ndiponso udzu pa balani ndi ngozi ya moto: usayandikire ng'anjo, chumuni kapena polowera mipope, ndipo pa khoma la mbali ya ng'anjo usaikidwe n'komwe.

Chinyezi chimagwira ntchito mobwerera. Fodya amaumitsidwa mvula ikugwabe, ndipo madzi akalowa m'timibowo ta njerwa amachotsamo mpweya, k n'kukwera. Akafika pa 1.2, R wa njerwa atsika kufika pa 0.19, R yense akhala 0.34, ndipo q akwera kufika pa 141. Denga lotulukira kunja mokwanira ndi ngalande yopatutsa madzi kumaziko zingateteze mawati 41 pa sikweya mita, kuposa zimene pulasitala ndi mpanda zimapulumutsa pamodzi pa khoma louma.

Malire a njirayi

Kuwerengera kumeneku ndi koona pamene madigiri akhazikika kwa nthawi yaitali. Khoma la njerwa limatenga maola ambiri kuti litenthe lonse, choncho pamene mlimi akukweza moto, njerwa zimamwa kutentha kochuluka kuposa kumene kukutulukira kunja. Dzuwa likaomba khoma limasokonezanso miyezo. Mlangizi wofuna kuyesa balani yeniyeni achite zimenezi m'bandakucha, moto utakhala pa mlingo umodzi usiku wonse. Amatire choyezera kutentha pa nkhope ya mkati ndi pa ya kunja, moyang'anizana, kutali ndi ngodya ndi mipope. Kusiyana kwa miyezo iwiriyo akakugawa ndi R wa njerwa, apeza q mosadalira h, amene ndiye nambala yokayikitsa kwambiri chifukwa imasintha ndi mphepo. Akapeza kuti kusiyanako n'kochepa kuposa madigiri 33 a chitsanzo chija, pamene mpweya wa mkati ndi wa kunja uli pa 68 ndi 20, akayikire kuti njerwa zanyowa kapena khoma ndi lopyapyala kuposa mmene adayesera.

Pomaliza, q ndi wa khoma lokha. Kutentha kotuluka ndi nthunzi pa mazenera olowetsa ndi kutulutsa mpweya, kotuluka pa chumuni, ndi kothawira m'ming'alu sikuli m'chiwerengerochi. Denga ndi chitseko zili ndi mindandanda yaoyao, ndipo chilichonse chiwerengedwe pachokha, q wake achulukitsidwe ndi kukula kwake, kenako zonse ziphatikizidwe. Chitseko cha lata cha masikweya mita 2 chimataya mawati 640, ofanana ndi a khoma la njerwa la masikweya mita oposa 6. Kuchikuta ndi matabwa mkati ndi ntchito ya tsiku limodzi, ndipo pa mabalani ambiri ndi pamene mlangizi ayenera kuyambira.