Mukamapita ku Banki ndi Ndalama Zambiri, Musaiwale Mapepala

Tiyerekeze mlimi wa ku Nthalire amene wagulitsa ng'ombe zinayi pa K1,200,000 imodzi, ndi matumba 60 a chimanga pa K50,000 lililonse. Wafika ku banki pa boma la Chitipa ndi K7,800,000 m'chikwama, pomwe akaunti yake siinalandirepo ndalama zoposa K200,000 pamwezi. Wapakauntala akamufunsa kuti, "Bambo, ndalamazi zachokera kuti?" ambiri amapsa mtima ngati atchedwa wakuba.

Funsoli silichokera m'mutu mwa wapakauntala. Lamulo la Financial Crimes Act la 2017 limakakamiza banki kudziwa bwino kasitomala wake, komanso kupereka lipoti ku bungwe la Financial Intelligence Authority pa ndalama zikuluzikulu ndi zokayikitsa. Cholinga n'chakuti ndalama zakuba, zakatangale kapena zozembetsa katundu zisalowe m'banki n'kutulukamo ngati zolungama. Amene akukumbukira Cashgate ya 2013 akudziwa mmene ndalama za boma zinkayendera m'mabuti a galimoto. Kuno ku Chitipa, kumene malonda a ku Tunduma, Nakonde ndi Isongole amayenda ndi ndalama zapamanja, mafunso otere sangalephere. Banki imayerekeza zimene mwabweretsa ndi zimene munaiuza potsegula akaunti, ndipo zikasiyana kwambiri imafuna kumva chifukwa.

Choyamba, sonkhanitsani umboni tsiku logulitsa lomwelo. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa wogula ng'ombe akakweza ziweto zake n'kupita ku Karonga, kumupezanso kuti asaine n'kovuta. Mlimi wathu alembe kapepala ka mgwirizano: tsiku, dzina la wogula, nambala yake ya foni ndi ya chiphaso cha unzika, kuchuluka kwa ng'ombe ndi mtengo wa iliyonse. Asaine onse awiri pamaso pa mboni, ndipo a mfumu akadindapo chidindo, pepalalo limalemera. Ajambulenso chilolezo chosamutsira ziweto chochokera kwa alangizi a ziweto. Pa chimanga apemphe lisiti, ngakhale lolembedwa pamanja. Mlimi wa khofi wa ku Misuku asunge mapepala amene kopaletivi imampatsa. Wa banki m'khonde abwere ndi buku la gulu.

Chachiwiri, werengani kunyumba ngati mapepala akufanana ndi ndalama. Ng'ombe zabweretsa K4,800,000, chimanga K3,000,000. Ngati mwaonjezerapo K500,000 imene mwana wanu watumiza kuchokera ku Joni, nenani zimenezo ndipo onetsani uthenga kapena lisiti lake.

Chachitatu, tengani chiphaso cha unzika chosatha ntchito, ndipo pa kauntala yankhani zoona zokhazokha. Musangolemba kuti "bizinesi" pafomu. Lembani kuti mwagulitsa ng'ombe zinayi ndi matumba 60 a chimanga. Ngati munatsegula akaunti muli mphunzitsi ndipo tsopano mukugula nyemba n'kumagulitsa, pemphani kuti asinthe mbiri yanu, kuti chaka chamawa asadzadabwenso.

Chachinayi, musagawe ndalamazo. Ena amalangizana kuti muike pang'ono lero, pang'ono mawa, zina kudzera kwa ejenti, zina pa akaunti ya akazi anu, kuti banki isafunse. Malangizo amenewa ndi oipa kwambiri. Kuduladula ndalama motere ndi chizindikiro chimene ogwira ntchito m'banki amaphunzitsidwa kuchiyang'ana, ndipo makompyuta awo amaphatikiza zonse n'kuona chithunzi chake. Munthu wosalakwa amadzisandutsa yekha wokayikitsa. Musalolenso kuti mnzanu adutsitse ndalama zake pa akaunti yanu, chifukwa mafunso akadzabwera wodzayankha ndinu.

Ngati wogula wa ku Tanzania kapena ku Zambia wakulipirani ndi ndalama za kwawo, sinthani ku banki kapena kwa osintha ndalama ovomerezeka, mutenge lisiti. Osintha a m'mbali mwa msewu sapereka pepala lililonse loti mungaonetse.

Dziwaninso kuti lipoti si mlandu. Ndalama zikafika pamlingo wina banki imapereka lipoti ngakhale palibe chokayikitsa. Koma ikakukayikirani, lamulo limailetsa kukuuzani kuti yakunenezani, choncho musakakamize wapakauntala kuti aulule. Akakuimbirani foni kufuna mapepala ena, pitani nawo msanga ku nthambi yanu, ndipo nambala yanu yachinsinsi musauze munthu pafoni. Mukaona kuti akukuzengerezani popanda chifukwa, lembani dandaulo kwa manejala, ndipo zikakanika kadandauleni ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira mabanki onse.

Njira yophweka koposa ndiyo kupempha wogula kuti akulipireni kudzera pa akaunti. Dzina lake limaoneka lokha m'mabuku a banki, ndipo simuyenda ulendo wonse wochokera ku Nthalire mutanyamula mamiliyoni.