PHUNZIRO LA MASAMU: Mtengo Ukakwera ndi Kutsika Mofanana, Bwanji Subwerera Pakale?

Pali funso lina la masamu limene limaoneka lapafupi, koma limagwetsa anthu ambiri, ana ndi akulu omwe. Funsolo ndi ili: Thumba la chimanga linali kugulidwa K50,000 mwezi wa Okutobala. Pofika Januwale mtengo wake unakwera ndi 20 peresenti. Anthu atakolola, mtengowo unatsika ndi 20 peresenti. Kodi tsopano thumbalo likugulidwa ndalama zingati?

Ambiri sachedwa kuyankha. Amati: "Chimene chinawonjezedwa ndicho chimene chachotsedwa, tsono mtengo wabwerera pa K50,000." Yankho limeneli nlolakwa. Yankho loona ndi K48,000. M'phunziro lino tiona m'mene yankholi lipezekera, chifukwa chake mtengo subwerera pakale, ndiponso njira zitatu zimene munthu angayesere nazo yankho lake asanalipereke kwa mphunzitsi kapena asanagulitse katundu wake.

TIWERENGE PANG'ONOPANG'ONO

Mawu akuti peresenti atanthauza "pa zana lililonse." Tikati 20 peresenti, ndiye kuti pa K100 iliyonse titengapo K20. Koma peresenti siima payokha ngati kwacha kapena kilogalamu. Nthawi zonse imakhala peresenti ya chinthu china, ndipo kukula kwake kumatsata kukula kwa chinthucho. Nchifukwa chake tisanawerenge tiyenera kuyamba tadzifunsa kuti: 20 peresenti ya chiyani?

Pa kukwera kuja, 20 peresenti ndi ya K50,000. Mu K50,000 muli mazana 500, ndipo zana lililonse lipereka K20. Motero zowonjezera ndi K10,000. Mtengo watsopano ndi K60,000.

Pa kutsika, tifunsenso funso lomwe lija: 20 peresenti ya chiyani? Pa msika palibenso amene akugulitsa pa K50,000. Mtengo umene ulipo ndi K60,000, ndipo umenewu ndiwo ukutsika. Mu K60,000 muli mazana 600, ndipo 600 tikachulukitsa ndi K20 tipeza K12,000. Tikachotsa K12,000 pa K60,000 patsala K48,000. Taonani tsono: tinawonjezera K10,000, koma tachotsa K12,000. Nambala ya peresenti ndi imodzimodzi, koma ndalama zake nzosiyana.

NANGA K2,000 YAPITA KUTI?

Kuti timvetse bwino, tiyerekeze kuti ndalamazo taziunjika pa mphasa. Makumi awiri pa zana ndi chimodzimodzi gawo limodzi mwa magawo asanu. Poyamba tili ndi milu isanu, uliwonse wa K10,000. Mtengo ukakwera, tiwonjezera mulu umodzi wofanana ndi inzake, ndipo milu ikhala isanu ndi umodzi.

Potsitsa mtengo tiyenera kuchotsa gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama zonse zimene zili pa mphasapo tsopano. Milu isanu yakale ija ipereka gawo lake, ndilo K10,000. Koma mulu wachisanu ndi chimodzi, wobwera pambuyo uja, nawonso uyenera kupereka gawo lake, ndilo K2,000. Pamodzi zikwana K12,000. K2,000 yosowayo ndi 20 peresenti ya ndalama zimene zinawonjezedwa zija. Kutsika kwadya zonse zimene kukwera kunabweretsa, nkulumanso pang'ono pa mtengo woyamba.

Zimenezi sizithera m'kalasi mokha ayi. Wamalonda amene anagula matumba 10 pa K50,000 lililonse, nasunga mpaka mtengo utakwera ndi kutsikanso chotere, akhoza kudzitonthoza kuti mpamba wake wabwera wonse. Koma akawerenga ndalama m'manja apeza K480,000 m'malo mwa K500,000. Wataya K20,000, tisanawerengere za mankhwala a anankafumbwe ndi zolipira galimoto.

NJIRA ZITATU ZOYESERA YANKHO

Njira yoyamba ndiyo kuyerekeza ndalama zowonjezera ndi ndalama zochotsa. Popeza kutsika kuwerengedwa pa mtengo waukulu, zochotsa ziyenera kuposa zowonjezera. Mukaona m'kope mwanu kuti mwawonjezera K10,000 nkuchotsanso K10,000, dziwani pomwepo kuti peresenti yachiwiri mwaitenga pa mtengo wakale. Yankho likafanana ndi nambala yoyamba, kapena likaiposa, nlolakwa ndithu.

Njira yachiwiri ndiyo kuyesa samu yomweyo pa K100, pakuti pa zana zonse zimaoneka poyera. K100 ikakwera ndi 20 peresenti ikhala K120. Tsono 20 peresenti ya K120 ndi K24, ndipo tikachotsa patsala K96. Kotero pa K100 iliyonse ya mtengo woyamba patsala K96. Popeza mu K50,000 muli mazana 500, tichulukitsa 500 ndi K96, ndipo tipeza K48,000, monga tinapezera poyamba. Amene afika ku sekondale akhoza kulemba zonsezi pa mzere umodzi motere:

50,000 × 120/100 × 80/100 = 48,000

Njira yachitatu ndiyo yachidule, yotheka kuchita pamtima. Tengani nambala ya peresentiyo, muichulukitse ndi iyo yomwe, ndipo zimene mwapeza muzigawe ndi 100. Chotsatira chake ndiyo peresenti imene yatayika pa mtengo woyamba. Pa funso lathuli, 20 kuchulukitsa ndi 20 ndi 400, ndipo 400 kugawa ndi 100 ndi 4. Patayika 4 peresenti ya K50,000, ndiyo K2,000 yomwe ija. Lamuloli lichokera pa zimene taona pa mphasa paja, kuti chotayika ndi peresenti ya peresenti inzake.

Lamulo lomweli litisonyezanso kuti peresenti ikamakula, chotayika chimakula msanga koposa. Pa 10 peresenti patayika 1 peresenti yokha, ndipo nchifukwa chake ambiri saiona. Pa 20 patayika 4, koma pa 50 patayika 25: K100 ikwera kufika K150, nitsika kufika K75. Pa 100 peresenti K100 isanduka K200, ndipo ikatsika ndi 100 peresenti sipatsala kanthu konse.

BWANJI MTENGO UKAYAMBA NDI KUTSIKA?

Wina anganene kuti: "Ngati vuto ndi lakuti kutsika kwawerengedwa pa mtengo waukulu, tiyambe ndi kutsika, ndipo tidzapindula." Tiyeni tiyese. K50,000 ikatsika ndi 20 peresenti ikhala K40,000. Tsopano kukwera kuwerengedwa pa K40,000, ndipo 20 peresenti yake ndi K8,000 yokha. Mtengo ufika pa K48,000 pomwe paja. Chifukwa chake nchakuti m'njira zonse ziwiri kutsika kumagwera pa nambala yaikulu, ndipo kukwera kumagwera pa nambala yaing'ono. Kunena mwa masamu, tikuchulukitsa ndi 120/100 ndi 80/100, ndipo pochulukitsa zilibe kanthu kuti tayamba ndi iti.

KUTI MTENGO UBWERERE PAKALE

Nanga mtengo wa K60,000 utsike ndi peresenti yanji kuti ubwerere pa K50,000? Ndalama zofunika kuchotsa ndi K10,000, ndipo tiziyerekeze ndi mtengo umene ulipo, K60,000. Ndi mulu umodzi mwa milu isanu ndi umodzi, kapena kuti pafupifupi 16.7 peresenti. Momwemonso, mtengo umene watsika kuchoka pa K50,000 kufika pa K40,000 uyenera kukwera ndi K10,000 pa K40,000, ndiyo 25 peresenti. Ndalama ndi K10,000 ponseponse, koma peresenti isintha malinga ndi pamene tayambira.

Chitsanzo choona cha zimenezi chinaoneka kuno kwathu mu Novembala 2023, pamene Banki Yaikulu ya Malawi inasintha mtengo wa dola ya ku Amereka kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Kusiyana kwake ndi K520. Tikayerekeza K520 ndi K1,180 tipeza 44 peresenti, ndiyo nambala imene inamveka ponseponse masiku amenewo. Koma kuti mtengo wa K1,700 ubwerere pa K1,180, K520 yomweyo iyerekezedwa ndi K1,700, ndipo ikhala pafupifupi 31 peresenti. Ukadatsika ndi 44 peresenti, tikadachotsa K748, ndipo dola ikadafika pa K952, kutali ndithu kunsi kwa mtengo woyamba.

CHENJEZO POWERENGA FUNSO

Lamulo lachidule lija ligwira ntchito pokhapokha peresenti ziwirizo zikafanana. Mtengo ukakwera ndi 20 nutsika ndi 10, musaligwiritse ntchito; yesani pa K100: K120 kuchotsa K12 ndi K108. Ndiponso muwerenge mawu a funso mosamala. Funso likanena poyera kuti mtengo unatsika ndi 20 peresenti "ya mtengo woyamba," pamenepo zochotsa ndi K10,000, ndipo mtengo ubwereradi pa K50,000. Koma likangoti "unatsika ndi 20 peresenti," peresentiyo ndi ya mtengo umene unalipo pa nthawi yotsikayo. Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Pa samu iyi kudekhako ndiko kulemba mtengo wapakati pa mzere wakewake musanapitirire.

NTCHITO YOCHITA KUNYUMBA

1. Mtengo wa nsalu unali K8,000. Unakwera ndi 10 peresenti, nutsikanso ndi 10 peresenti. Pezani mtengo wotsiriza.
2. Mlimi anakolola matumba 40 a mtedza. Chaka chotsatira zokolola zinachepa ndi 50 peresenti, ndipo chaka chachitatu zinakwera ndi 50 peresenti. Anakolola matumba angati chaka chachitatu?
3. Mtengo wa njinga unakwera ndi 25 peresenti. Utsike ndi peresenti yanji kuti ubwerere pakale?

Yambani mwawerenga nokha, ndipo yankho lililonse muliyese pa 100 musanayang'ane apa. Loyamba ndi K7,920, pakuti K8,800 kuchotsa K880 itsala imeneyo. Lachiwiri ndi matumba 30, pakuti theka la matumba 20 ndi 10 okha. Lachitatu ndi 20 peresenti, pakuti K25 ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a K125. Amene mwapeza K8,000, matumba 40 kapena 25 peresenti, bwererani pa mzere wachiwiri wa samu yanu, ndipo mudzifunsenso kuti peresentiyo mwaitenga pa nambala iti.