Ndilembe chiyani ndikaona girafu?

Aphunzitsi, akatipatsa girafu kuti tiifotokoze, ndimakopera manambala onse koma malikisi amakhala ochepa. Ndimalakwitsa pati?
Wophunzira wa Giredi 12, Chanyanya, Kafue

Mwanawe, wochonga manambalawo akuwaona kale. Akufuna umuuze zimene akusonyeza.

Titenge girafu ya mipiringidzo ya kalembera wa anthu m'Zambia: 9.9 miliyoni mu 2000, 13.1 miliyoni mu 2010, ndi 19.6 miliyoni mu 2022. Yamba ndi chachikulu: "Chiwerengero chinakwera nthawi yonseyi, ndipo mu 2022 chinali pafupifupi kuwirikiza kawiri cha mu 2000." Kenako yerekeza: "Pakati pa 2000 ndi 2010 anthu anawonjezeka ndi 3.2 miliyoni, pomwe pakati pa 2010 ndi 2022 anawonjezeka ndi 6.5 miliyoni."

Koma chenjera apa. Mpata woyamba ndi zaka 10, wachiwiri zaka 12, choncho usanene kuti liwiro la kukwera linawirikiza kawiri. Usalembenso chimene chinachititsa kukwerako, chifukwa girafu sinanene.

Ukalemba, wina amene sanaione girafuyo aijambule pongomva mawu ako. Akalephera, pita nayo kwa aphunzitsi ako mayeso asanafike.