Tebulo Lokongola, Chiponde Chosagulidwa

Mtsikana wina wa chaka chomaliza pamaphunziro a zamalonda analemba pulani yogulitsa chiponde ku Area 25 mu Lilongwe. Tebulo lake lofananitsa opikisana nawo linali laudongo: makampani atatu, iliyonse ndi mtengo wake, kakomedwe ndi maonekedwe a botolo. Pena paliponse chiponde chake ndicho chinali patsogolo. Mphunzitsi anachonga. Mtsikanayo atamaliza sukulu anakongola ndalama kubanki m'khonde n'kuyamba kupanga, koma mabotolo ankangochita fumbi m'magolosale.

Vuto loyamba linali pamtengo. Iye analemba kuti chake ndi K2,500 pomwe cha kampani ina ndi K3,600, n'kunena kuti chake n'chotchipa. Kulemera kwa botolo sanalembe. Lake linali la magalamu 250, la anzakewo la magalamu 400. Mukawerengera pa magalamu 100 alionse, chake chikufika K1,000, cha anzake K900. Mayi wogula sasowa kakyuleta kuti aone zimenezi. Amangonyamula mabotolo awiriwo m'manja. Inu amene mukuchonga tebulo lotere, mukaona mtengo uli wokha wopanda muyezo, imani pomwepo mufunse kuti, "Mtengo umenewu ndi wa chiponde chochuluka bwanji?"

Pakakomedwe analemba "chokoma kwambiri" pa chake, "chokomako" pa enawo. Analawa ndani? Iye yekha ndi azibale ake, amene sakanamukhumudwitsa.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi mizere imene munalibe. Mtsikanayu anangolemba amene amafanana naye, a mabotolo a zilembo zokongola. Anaiwala amayi a pamsika amene amagulitsa chiponde m'timapepala, choti munthu agule cha tiyi wa m'mawa umodzi wokha. Anaiwala banja limene limakazinga mtedza wakumunda n'kusinja lokha mumtondo. Anaiwala majarini, ndi mapeyala amene nyengo yake ikakwana amalowa pabuledi m'malo mwa zonsezi. Anthu amene iye ankawadalira kuti adzamugula, ndalama zawo zimapita kumeneko. Mzere wosowa suoneka poyang'ana pepala, choncho mufunseni wophunzirayo kuti, "Anthu amenewa apaka chiyani pabuledi lero m'mawa, iwe usanabwere?" Yankho lililonse limene mulibe m'tebulo ndi wopikisana naye amene sanamuone.

Palinso chimene anachisiya chifukwa chikanamugwetsa. Makampani atatu aja anali ndi chizindikiro cha bungwe la Malawi Bureau of Standards, chimene pazamtedza n'chofunika kwambiri chifukwa cha poizoni wa chuku. Iye analibe, ndipo m'tebulo sanaikemo danga la chizindikirocho. Atapita ndi katoni yake kusitolo ina yaikulu, funso loyamba la manejala linali lomwelo. Anabwerera nayo katoniyo isanatsegulidwe n'komwe, tsiku lobweza ngongole litayandikira.