Msambo Wasokonekera Mutaika Njira Yolerera ya Pamkono? Nazi Zoyenera Kudziwa

Amayi ambiri a m'minda ya tiyi kuno ku Thyolo anasankha njira yolerera ya pamkono chifukwa ukaika waika. Impulanoni, ya kandodo kamodzi, imateteza zaka 3, ndipo Jadelo, ya tindodo tiwiri, imateteza zaka 5. Koma dandaulo lomwe limabwera kawirikawiri ndi la msambo: wina wasiyiratu kusamba, wina akungodonthetsa masiku osadziwika, wina akapita kumwezi sabata imatha magazi asanaleke. Kwa mayi woyima m'munda kuyambira m'mamawa, dengu lili kumsana, chimbudzi chili kutali, ili si vuto lochepa. Kapepala aka kakuthandizani kusiyanitsa kusintha kopanda choopsa ndi kusintha kofunika kuonana ndi anamwino.

Chimachitika n'chiyani m'thupi?

Mwezi uliwonse mkati mwa chiberekero mumayalidwa kamnofu kofewa kokonzekera kulandira mimba. Mimba ikapanda kubwera, kamnofuko kamayoyoka nthawi imodzi, ndiwo msambo. Kandodo ka pamkono kamatulutsa mankhwala pang'onopang'ono usana ndi usiku, ndipo mankhwalawo amachititsa kamnofu kaja kukhala kopyapyala. Kamnofu kopyapyala kamakhala ngati pansi pozira dothi lochepa: pamagumuka apa ndi apo, osasankha tsiku. N'chifukwa chake magazi amabwera mwa apo ndi apo. Kwa ena kamnofuko kamachepa kwambiri mwakuti palibe choti chiyoyoke, ndiye msambo umaima.

Apa timvetsetsane bwino, poti mphekesera zachuluka. Mayi amene wasiya kusamba magazi ake sakuunjikana m'mimba, sapanga chotupa, ndipo sakutseka kubereka. Magazi oti atuluke sanapangidwe n'komwe. Mwa amayi asanu aliwonse oika Impulanoni, pafupifupi mmodzi amasiya kusamba, ndipo pafupifupi mmodzi amasamba masiku ochuluka kuposa kale. Kusinthaku kumaonekera kwambiri chaka choyamba, ndipo sikutanthauza kuti njirayo yasiya kugwira ntchito.

Tiyerekeze ndi mayi wina

Tinene kuti mayi wazaka 28, wothyola tiyi, anaika Impulanoni mu Novembala. Mu Disembala sanasambe. Mu Januwale, ntchito itafika pachimake chifukwa cha mvula, anadonthetsa masiku 4, kunauma sabata imodzi, kenako anadonthetsanso masiku 6. Nyanda imodzi kapena ziwiri zimamukwanira tsiku lonse. M'mimba simupweteka, kumaso alibe fungo lachilendo, ndipo ntchito akuigwira ndi mphamvu zake zonse. Mayiyu sakudwala. Chomwe angachite ndi kulemba pa kalendala kapena kumapeto kwa kabuku kake ka kuchipatala: kadontho pa tsiku lodonthetsa, mtanda pa tsiku la magazi ambiri. Anamwino akaona zolembazo amazindikira msanga kusiyana n'kungowauza kuti "ndikungosamba".

Tsopano tinene kuti pofika Malichi wasamba masiku 12 osalekeza, akusintha nyanda kawirikawiri kuposa kale, ndipo akamakwera chitunda kupita ku sikelo mtima ukuthamanga, maso akuchita mdima. Apa zasintha. Msambo wopitirira masiku 8, kapena wochuluka kuwirikiza kawiri muyeso wanu wakale, ndi wofunika kukaonetsa. Chizungulire, kupuma mwawefuwefu ndi kuyera kwa m'manja kapena m'kati mwa zikope zimasonyeza kuti magazi ayamba kuchepa m'thupi.

Kuchipatala thandizo lilipo, ndipo nthawi zambiri safunika kuchotsa kandodo. Akaona kuti palibe mimba kapena matenda, angakupatseni bulufeni wa masiku 5 womwa mutadya, kapena mapilitsi olerera a tsiku ndi tsiku oti mumwe masiku 21 kuti magazi aleke. Musadzigulire nokha pagolosale, chifukwa bulufeni sayenera munthu wa zilonda za m'mimba, ndipo mapilitsi aja sayenera mayi wothamanga magazi kapena amene wangobereka kumene. Mankhwalawa amapumitsa vutolo kwa kanthawi, litha kubwereranso, ndipo likabwerera inunso bwererani. Akakupatsani mapilitsi oonjezera magazi musamwere tiyi, ngakhale kwathu kuno ndiye kwake kwa tiyi, chifukwa tiyi amalepheretsa thupi kuyamwa bwino mankhwalawo. Mwerani madzi, tiyi adikire ola limodzi kapena awiri. Nandolo, nyemba, bonongwe, usipa ndi chiwindi zimathandizanso kubwezeretsa magazi.

Zizindikiro zosafunika kudikira

Ngati mukumva kupweteka kwambiri m'munsi mwa mimba, makamaka mbali imodzi, pamodzi ndi kudontha magazi, chizungulire kapena kukomoka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Mimba siibwera kawirikawiri kwa mayi wa njira ya pamkono, koma ikabwera itha kukhala kunja kwa chiberekero, m'njira ya mazira, ndipo njirayo ikaphulika moyo umakhala pachiswe. Chimodzimodzi magazi akamatuluka ambiri, a zibulumwa, nyanda n'kumadzaza ola lililonse.

Pali zina zosachita kuthamangira usiku koma zosayenera kugonetsa masabata. Magazi otuluka mukatha kugonana, kumaso kwa fungo, kutentha thupi kapena kuwawa pogonana si zochokera ku kandodo. Zitha kukhala matenda opatsirana pogonana kapena khansa ya khomo la chiberekero, yomwe ndi khansa yopha amayi ambiri m'Malawi muno. Choopsa n'chakuti mayi amangoti "ndi za pamkono izi", nthenda n'kumakula. Kaunikitseni khomo la chiberekero, makamaka ngati muli ndi kachilombo ka HIV. Komanso ngati mwakhala miyezi yambiri msambo uli mwa njira imodzi kenako wasintha mwadzidzidzi, kapena waima ndipo mukumva mseru ndi kulemera kwa mawere, kayezetseni.

Anamwino auzeni mankhwala onse amene mukumwa. Rifampisini wa chifuwa chachikulu cha TB, mankhwala ena a khunyu, ndi efavirenzi wa ma ARV amafooketsa njira ya pamkono mwakuti mimba itha kulowa. Dolutegiravi, amene ambiri anayamba kulandira kuyambira 2019, alibe vuto limeneli. Musasiye mankhwala anu. Anamwino adzakuuzani ngati mukufunika makondomu oonjezera kapena njira ina.

Mawu kwa abambo

M'mabanja ambiri mayi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo ndipo sagonana ndi bambo. Kudonthetsa kukatalika, m'nyumba mumayamba mkangano, ndipo amayi ena amachotsa njira yawo asakufuna. Bambo, akazi anu sakukukanizani dala ndipo sanatenge matenda kwina. Aperekezeni kuchipatala mukamve limodzi.

Mayi, ngati mwayesa thandizo koma simukupeza mtendere, kuchotsa kandodo ndi ufulu wanu, ngakhale nthawi isanakwane. Kachotsedwe ndi wachipatala wophunzitsidwa, osati ndi lezala kunyumba. Dziwani kuti kakangochoka mutha kutenga mimba m'masabata oyamba omwewo, choncho sankhani njira ina tsiku lomwelo ngati simukufuna mwana panopa.

Yambirani kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, ku kiliniki ya pa esiteti kapena ku chipatala chaching'ono chapafupi. Vuto likakula, chipatala chachikulu cha boma cha Thyolo ndi cha Malamulo ku Makwasa zilipo. Popita musaiwale kabuku kanu ka kuchipatala ndi masiku aja munalemba.